Maola Anayi a Lachisanu M'chipinda cha Hotela

Lachisanu m'mawa, m'mahotela a m'mbali mwa nyanja, kaya ku Mangochi kaya ku Salima, mumamva phokoso la zikwama zokoka. Msonkhano umene unayamba Lolemba watha dzulo madzulo, anthu asayinira ndalama zawo, ndipo tsopano aliyense akuganiza za msewu. Pofika 10 koloko makiyi aunjikana polandirira alendo. Koma pa 2 koloko masana pafika ena, mwina a ukwati wa Loweruka, mwina banja lochokera ku Lilongwe lodzasambitsa ana m'nyanja. Chipinda chimene munagona munthu masiku anayi chiyenera kuoneka ngati sichinagonemo wina aliyense, ndipo nthawi yochitira zimenezi ndi maola anayi basi.

Tiyerekeze kuti hotela yathu ili ndi zipinda 24, chilichonse cha mabedi awiri, ndipo okonza m'zipinda alipo atatu. Aliyense zimugwera zipinda 8. Chipinda chimene mlendo watulukiratu chimadya mphindi 30 kapena kuposerapo ngati wokonzayo ndi wozolowera, ndiye mukachulukitsa mupeza mphindi 240, omwe ndi maola anayi aja ndendende, osatsala ngakhale ya kumwa madzi. N'chifukwa chake mayi wokonza m'zipinda amayenda ndi pepala. Ena amangoliti fomu. Pamenepo pali mndandanda wa zochita, mabokosi ochonga, ndi malo olembapo manambala.

Anthu ambiri akamva za pepala limeneli amaganiza kuti ndi la oiwala, lokumbutsa munthu wamkulu kuti asese pansi pa bedi. Mbali ina n'zoona. Koma ine ndimaliona ngati mboni. Wokonza m'chipinda amagwira ntchito yekha, chitseko chili chotseguka koma palibe womuona, ndipo amagwira katundu wa anthu awiri amene onse ndi amphamvu kuposa iye: mwini hotela ndi mlendo. Thawulo likasowa, maso onse amayamba ndi iye. Mphete ikasowa, ndi iye yemweyo. Pa tsiku loipa, chomulankhulira ndi manambala amene analemba pa nthawi yake, ali pakhomo la chipindacho.

Kuwerenga kumayamba asanaponde m'chipinda chilichonse. Mayi uja amapita kusitolo ya nsalu ndi mndandanda wa zipinda zake. M'hotela yathuyi bedi lililonse limayalidwa ndi mashiti awiri, wapansi ndi wapamwamba, ndipo lili ndi mapilo awiri. Ndiye chipinda chimodzi chimafuna mashiti 4, nsalu za mapilo 4, mathawulo aakulu 2, aang'ono opukutira m'manja 2, ndi kachopondera kamodzi ka pakhomo la bafa. Zonse pamodzi ndi nsalu 13. Pa zipinda 8 atenga mashiti 32, nsalu za mapilo 32, mathawulo aakulu 16, aang'ono 16 ndi zopondera 8, kuphatikiza zonse 104. Wosunga sitolo awerenga iye akuona, onse awiri asayina. Lamulo lake ndi losavuta: choyera chimodzi chimatuluka kuti chakuda chimodzi chibwere. Madzulo nsalu zakuda zimene wapereka kochapira, kuphatikiza zoyera zimene zamutsalira, ziyenera kufanana ndi nambala imene anasayinira m'mawa.

Akafika pakhomo sangotsegula, ngakhale a polandirira alendo anena kuti muli bata. Amagogoda, n'kunena kuti “Odi, ndabwera kudzakonza m'chipinda,” n'kudikira pang'ono, kenako kugogodanso. Kachitatu ndi pamene amalowetsa kiyi ndi kutsegula pang'onopang'ono. Zimachitika kuti bambo abweza kiyi koma mayi akadali m'bafa.

Atalowa, amatsegula makatani ndi mazenera, amayatsa magetsi onse, ndiye n'kuima. Mphindi imeneyi ndi imene ongoyamba kumene ntchito amaidumpha, poganiza kuti kuima ndi ulesi. Sakhudza kanthu. Akuyang'ana zinthu zitatu: kodi pali chimene mlendo wasiya, kodi pali cha hotela chimene chasowa, kodi pali chowonongeka? Rimoti ilipo? Ketulo ilipo? Matambula ndi awiri? Ngati pali vuto, ino ndiye nthawi yoimba foni, galimoto ya mlendo isanatuluke pageti. Pakapita ola limodzi, nkhani ya tchaja choiwalika imasanduka ya kutumiza katundu pa basi.

Kenako amavula mabedi, ndipo apa pali luso limene pepala labwino limalilemba momveka: nsalu imodziimodzi. Munthu wofulumira amangogwira ngodya zinayi za shiti wapansi n'kumanga mtolo, zonse m'kati. Mtolo wotere umameza zinthu. Mumalowa ndolo, rimoti, kabudula wa mwana, ngakhale foni, ndipo zimakatulukira m'makina ochapira zitafa kale. Komanso mtolo suwerengeka. Wodziwa ntchito amavula nsalu ya pilo woyamba n'kupisa dzanja m'kati, wachiwiri chimodzimodzi, ndiye shiti wapamwamba, kumutambasula pang'ono, kenako wapansi. Sakutumula mwamphamvu, poopa kubalalitsa fumbi. Akuwerenga uku akuyang'ana, ndipo nambala imene wapeza amailemba pomwepo, m'danga la “zotuluka”, asanapite kubafa. Nsalu zakuda zimalowa m'thumba lake. Siziikidwa pansi, siziikidwa pampando, ndipo sizikhudzana ndi zoyera. Thawulo lonyowa salikulunga m'kati mwa mashiti, chifukwa m'nyengo yotentha ya kunyanja limayamba nkhungu msanga, ndipo timadontho takuda ta nkhungu timavuta kuchoka.

Shiti wa banga amamuika payekha n'kulemba kuti ndi banga la chiyani. Izi zimathandiza wochapa, chifukwa mabanga sachitidwa mofanana. Magazi amafuna madzi ozizira. Mukawathira otentha mwawaphika, ndipo akhala mpaka shitiyo adzang'ambike. Mafuta a m'tsitsi ndi zodzola kumaso zimafuna sopo wosungunula mafuta nsalu isanalowe m'makina. Banga la magazi kapena masanzi saligwira ndi manja amaliseche, amavala magolovesi. Pamene matilesi ali poyera, amatukula m'mphepete mwake n'kuyang'ana m'misoko. Timadontho takuda tonga inki, kapena timagazi tating'ono pa shiti, ndi chizindikiro cha nsikidzi. Akaziona salimbana nazo yekha. Amanena, chipindacho chimatsekedwa, ndipo nsalu zake zimapita kochapira m'thumba lomanga kuti zisagawire zipinda zina.

Tsopano tione chifukwa chake thawulo limodzi limadetsa nkhawa chotere. Mahotela amawerenga nsalu zawo m'magulu, ndipo gulu limodzi ndi nsalu zokwanira kuvalika zipinda zonse kamodzi. Kwa ife ndi mashiti 96 ndi mathawulo aakulu 48. Hotela yofuna kuyenda bwino imasunga magulu osachepera atatu: lina lili m'zipinda, lina lili kochapira, lina lili pashelefu kudikira. Ndiye kuti mashiti 288 ndi mathawulo aakulu 144. Mahotela ena amasunga magulu anayi kapena asanu, makamaka amene amachapitsa kunja. Gulu la pashelefu silingokhala chabe. Nsalu ya thonje imene yapuma tsiku lathunthu itachapidwa ndi kusitidwa imakhalitsa kuposa imene imachoka ku simbi kupita pabedi tsiku ndi tsiku.

Kuno kwathu gulu lachitatu lili ndi ntchito inanso. Magetsi akazima, makina oumitsira amaima, ndipo nsalu zimapita pachingwe. M'miyezi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Malichi, thawulo lokhuthala limatha kugona pachingwe osauma. Ndipo chilichonse chimene chayanikidwa panja chiyenera kusitidwa ndi simbi yotentha bwino, osati chifukwa cha makwinya okha. Pali ntchentche ija imene imaikira mazira pa nsalu zonyowa, makamaka zoyanikidwa pamthunzi kapena pansi, ndipo mphutsi zake zimalowa pakhungu n'kutupa ngati chithupsa. Kutentha kwa simbi kumapha mazirawo. Hotela imene nsalu zake zaperewera imayamba kudumpha simbi kuti ipeze nthawi, ndipo wolipira ndi mlendo.

Tsono werengani nokha. Ngati pa mwezi pakusowa mathawulo aakulu 4 okha, limodzi pa sabata, palibe amene angazindikire ndi maso. Pakutha pa chaka asowa 48. Limenelo ndi gulu lathunthu. Hotela imene inali ndi magulu atatu yatsala ndi awiri, ndipo Lachisanu lina la mvula mudzaona mayi wokonza m'zipinda ataima pakhomo la kochapira, manja m'chiuno, kudikira thawulo liume pamene alendo akhala kale pamipando ya polandirira. Ndi chifukwa chake, kuwonjezera pa kuwerenga kwa tsiku ndi tsiku, mahotela osamala amawerenga nsalu zonse kamodzi pa mwezi, tsiku limodzi, m'zipinda, kochapira ndi m'sitolo nthawi imodzi, kuti shiti mmodzi asawerengedwe kawiri akuyenda. Nsalu zong'ambika kapena za banga losachoka sizingotayidwa. Zimalembedwa kuti zachotsedwa pantchito, n'kudulidwa kapena kuikidwa chizindikiro kuti zikhale zopukutira. Kupanda kutero zimabwerera pashelefu, kapena zimawerengedwa ngati zabedwa.

Tiyeni titsate thawulo limodzi losowa. Yakwana 3 koloko, mayi uja wapereka nsalu zakuda kochapira, ndipo wochapa akuti: “Mayi, aakuluwa ndi 15, osati 16.” Popanda pepala, nkhani imathera pa kukangana, ndipo mwina pa kudula malipiro. Koma pepala lake likuonetsa chipinda ndi chipinda. Zipinda zisanu ndi ziwiri zalembedwa 2 otuluka, 2 olowa. Chipinda 16 chokha ndi chimene chalembedwa 1 wotuluka, 2 olowa, ndipo pambali pali mawu a dzanja lake: ndanena polandirira alendo, 11:20. Tsopano pali poyambira. Woyang'anira afunsa mnzake amene anakonza zipinda 17 mpaka 24, ndipo apeza kuti m'chipinda 17 munatuluka mathawulo aakulu atatu. Anthu a msonkhano umodzi amayenderana, ndipo wina anapita kunyanja ndi thawulo n'kubwerera kwa mnzake. Nthawi zambiri mathawulo a kunyanja amasowa motero: pamchenga, pampando wa padamu losambira, pakhonde la chipinda china. Ena, inde, amapita m'chikwama. Koma wokonza m'chipinda si amene amathamangira mlendo kukamuimitsa. Iye ntchito yake ndi kulemba ndi kunena msanga. Zokambirana ndi mlendo n'za akuluakulu.

Kubafa ndidutsako mwachangu, chifukwa zambiri n'zodziwika, koma ziwiri ndizitchule. Choyamba, mankhwala ophera tizilombo amafuna nthawi. Wodziwa ntchito amawathira m'chimbudzi, m'sinki ndi m'shawa atangochotsa mathawulo akuda, n'kupita kukayala mabedi, kuti pobwerera akhale atagwira. Kuthira n'kupukuta pomwepo n'kungonunkhiritsa. Chachiwiri, jiki sasakanizidwa ndi mankhwala ena otsukira chimbudzi, makamaka aasidi aja ochotsa dzimbiri ndi zokanirira. Zikakumana zimatulutsa mpweya wapoizoni umene umawotcha maso ndi chifuwa, ndipo m'kabafa kopanda zenera munthu angakomoke. Nsanza zopukutira zimasiyanitsidwa ndi mtundu. M'malo ambiri yofiira ndi ya chimbudzi chokha, ndipo siyandikira sinki, siyandikiranso matambula. Thawulo la mlendo, ngakhale lakuda lopita kochapira, si chopukutira pansi. Chizolowezi chimenechi chimapha mathawulo ambiri.

Kubwezeretsa zinthu kumaoneka kophweka, koma ndi pamene madandaulo ambiri a usiku amachokera. Chipinda chilichonse chili ndi muyezo wake wolembedwa: mwachitsanzo makapu 2, matambula 2, masupuni 2, timapaketi 2 ta tiyi, 2 ta khofi, 4 ta shuga, mabotolo 2 a madzi, sopo watsopano pasinki ndi m'shawa, tishu mmodzi pachitsulo chake ndi wina wapadera. Manambala amasiyana hotela ndi hotela, chofunika n'chakuti akhale olembedwa ndipo wokonza azidzaza kufika pa nambalayo, osati mongoganizira. Sopo amene mlendo anamunyowetsa amachotsedwa ngakhale akuoneka wamkulu. Botolo la madzi amaligwira pachitsekero kuona ngati silinatsegulidwe, chifukwa pali alendo amene amamwa n'kuthiramo a pampopi. Ketulo imatsegulidwa, kukhuthulidwa ndi kununkhizidwa. Amene anagwirapo ntchitoyi amadziwa kuti m'ketulo ya hotela mumaphikidwa zinthu zodabwitsa, mazira ndiye osanena.

Cholakwika chofala n'kuchonga chinthu chifukwa chilipo, osachiyesa. Rimoti ilipo, koma mabatire anachotsedwa. Nyali ya pambali pa bedi ilipo, babu linapsa. Tochi kapena nyali ya batire ya nthawi ya kuzima kwa magetsi ili m'dilowa, koma ilibe moto. Pa pepala labwino mawu ake sakhala “ilipo”, amakhala “ikugwira”. Mayi uja amayatsa kanema, fani, nyali iliyonse, amatsegula mpopi wa madzi otentha n'kudikira afunde, amagujumula chimbudzi n'kumvetsera ngati thanki yasiya kudzaza. Chimene sichikugwira amachilemba n'kuuza amisiri nthawi yomweyo, kuti chikonzedwe 2 koloko isanakwane.

Ndiyeno neti. Mapepala ambiri okopera kumayiko ozizira alibe mzere wa neti, ndipo hotela ya kunyanja imene yangotenga pepala lotero osawonjezera yaiwala chinthu chachikulu m'chipindamo. Neti imatsitsidwa yonse, kuyang'anidwa ndi kuwala kwa zenera kumbuyo kwake kuti zibowo zioneke, makamaka pamwamba pomangira ndi m'munsi mopisira pansi pa matilesi. Kabowo kolowa chala n'kokwanira udzudzu. Ikapezeka yabwino amaikutumula mokoma kuti tizilombo takufa tigwe, ndipo izi amachita asanayale mashiti oyera, osati pambuyo. Amene wakhalako kunyanja nthawi imene nkhungu zatuluka m'madzi ngati utsi akudziwa mmene timadzadzira pa neti ndi pansi pa nyali. Mchenga nawo umabisala m'ngodya za shawa ndi kumiyendo kwa bedi, n'chifukwa chake pansi amakolopa pomaliza, kuyambira kungodya yakutali kubwerera chakukhomo.

Tafika pa katundu woiwalika, nkhani imene imachotsetsa anthu ntchito, ena olakwa, ena osalakwa. Pepala limatchula malo osakamo mmodzimmodzi, chifukwa zinthu zimaiwalika m'malo omwewomwewo: pa soketi ya kuseri kwa bedi, pomwe tchaja chimatsala; pa msomali wa kuseri kwa chitseko cha bafa; m'dilowa ya pambali pa bedi; pamwamba pa wodilopu; pansi pa bedi; m'filiji; pachingwe cha pakhonde, pomwe kabudula wosambira ndi chitenje zimatsala zikuuma. Ndiponso m'kabokosi kachitsulo kosungiramo zamtengo wapatali. Akakapeza kotseka, wokonza sayesa manambala. Amaitana woyang'anira, ndipo kamatsegulidwa pali anthu awiri.

Tiyerekeze kuti m'chipinda 12, povula pilo wachiwiri, mwagwa envulopu yakhaki. Muli ndalama, mwina zija za msonkhano zimene bambo wina anabisa usiku. Mphindi zisanu zotsatira ndi zimene zimagamula zonse. Mayi uja sawerenga yekha, ndipo saika m'thumba la yunifolomu poti akapereka akamaliza chipinda. Cholinga chingakhale chabwino, koma ngati mwini wake atabwerera nthawi yomweyo n'kumupeza nayo m'thumba, palibe chimene anganene chimveke. Amaisiya pomwe yagwera, n'kuitana woyang'anira kapena mlonda. Awiriwo amawerenga limodzi, kulemba kuti pali mapepala angati a K5,000, angati a K2,000, n'kumata envulopuyo m'ina, onse n'kusayina pomatapo. Ikatero imapita mosungira ndalama mwa hotela, osati m'kabati ya matsache.

M'buku la zinthu zotayika mumalembedwa tsiku, nthawi, nambala ya chipinda, malo enieni pamene chapezeka, chinthucho, dzina la wopeza ndi la wolandira. Chinthu chilichonse chimapatsidwa nambala, ndipo nambala yomweyo imamatidwa pa thumba lake. Pofotokoza chinthu pali nzeru ina imene ambiri saidziwa: mumalemba zimene maso akuona, osati zimene mukuganiza. Simulemba kuti mphete yagolide. Mumalemba kuti mphete yachitsulo chachikasu, ya kamwala koyera. Wokonza m'chipinda si wosula miyala, ndipo ngati buku lanena golide pamene mpheteyo ndi ya pamsika, mwini wake angathe kunena kuti yake yeniyeni yasinthidwa. Foni imalembedwa mtundu, maonekedwe ndi ming'alu imene ili nayo kale.

Funso lovuta ndi lakuti chinyalala ndi chiti, choiwalika ndi chiti. Yankho limene limateteza wantchito ndi ili: chimene chili m'bini n'chotayidwa, chimene chili kunja kwa bini n'cha mwini wake, ngakhale chikhale patapata wakutha kapena kope lolembedwa theka. Ngakhale bini lenilenilo amalisuzumira asanakhuthule, osapisamo dzanja chifukwa mungakhale lezala kapena singano. Nanga ndalama yosiyidwa patebulo, kodi ndi yothokoza? Ngati pali kakalata kapena yaikidwa mu envulopu yolembedwa, palibe vuto. Ngati palibe, njira yotetezeka n'kuilembetsa, ndipo hotela yachilungamo imam'patsa wopezayo zikadziwika kuti inalidi yake. Ndikuti yachilungamo, chifukwa pamene antchito aona kuti zimene amapereka zimathera m'matumba a akuluakulu, buku lija limayamba kukhala lopanda kanthu, ndipo bwana asanyadire kuti alendo ake saiwala.

Zinthu sizisungidwa nthawi yofanana, ndipo hotela iliyonse imakhala ndi lamulo lake. Kawirikawiri zovala, nsapato ndi matchaja zimasungidwa miyezi itatu, zamtengo wapatali miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka, pamene zakudya, monga chambo chimene mlendo anagula n'kuchiiwala m'filiji, sizidutsa tsiku limodzi kapena awiri. Chovala chonyowa chimayamba chaumitsidwa chisanamangidwe m'pulasitiki, apo ayi chidzaola n'kununkhitsa kabati yonse. Pasipoti, chiphaso cha unzika, laisensi ndi makadi a kubanki sizidikira miyezi. Hotela imayesetsa kupeza mwini wake tsiku lomwelo, ndipo ikalephera imapereka kupolisi kapena kumene zinachokera, n'kusunga umboni wolembedwa woti zaperekedwa. Nthawi yosunga ikatha, mahotela ena amapereka katundu wamba kwa amene anamupeza, ena kwa osowa, ndipo potuluka naye pageti pamafunika kakalata kosayinidwa kuti mlonda asamugwire ngati wakuba.

Mankhwala ndi nkhani ina. Botolo la mapiritsi loiwalika m'dilowa likhoza kukhala la shuga, la kuthamanga kwa magazi, kapena la mankhwala otalikitsa moyo amene munthu sayenera kudumphitsa. Apa pafunika liwiro ndi pakamwa potseka nthawi imodzi. Limaikidwa mu envulopu yosaonekera m'kati, ndipo woimba foni amalankhula ndi mwini wake yekha, n'kungonena kuti mwasiya kanthu kanu m'chipinda, popanda kutchula dzina la mankhwala pamaso pa anthu. Si nkhani yokacheza nayo pa nkhomaliro.

Kusunga chinsinsi kumeneku kumafika patali kuposa mankhwala. Mahotela ambiri saimbira foni kunyumba kapena kuntchito kwa mlendo pa nkhani ya katundu wamba, ndipo ena amangodikira kuti mwini wake afunse yekha. Chifukwa chake sichovuta kuchimva. Muimbire mayi wa kunyumba kuti ndolo zawo zapezeka m'chipinda chimene bambo anagona, pamene mayiwo sanapiteko kunyanja, ndiye kuti mwayatsa moto umene si wanu. Pogwiritsa ntchito nambala, ikhale imene mlendoyo analemba yekha pofika.

Mwini wake akaimba, safunsidwa kuti, “Kodi ndi foni yakuda ija yong'aluka pakona?” Amafunsidwa kuti afotokoze yekha: munagona chipinda chiti, tsiku liti, chinthucho n'chotani, muli chiyani m'kati? Wa envulopu ija atchule kuchuluka kwa ndalama. Wa foni aitsegule ndi nambala yake yachinsinsi pamaso pa wopereka. Akatuma munthu, wotumidwayo abwere ndi chiphaso chake ndipo mwini wake atsimikize pa foni. Akapempha kuti katundu atumizidwe ku Blantyre kapena ku Mzuzu, hotela imalemba wanyamula ndani, tsiku liti, ndipo lisiti lake limamatidwa m'buku. Mzere wa m'bukumo umatsekedwa ndi siginecha ya wolandira.

Chipinda chikatha, mayi uja amaima pakhomo n'kuchiyang'ana monga mmene mlendo adzachionere polowa: bedi lawongoka, neti yamangidwa, makatani ali bwino, palibe nsanza yoiwalika pasinki. Amanunkhiza. Alemba nthawi imene wamaliza, asayina, atseka. Koma chipindacho sichinakonzeke kugulitsidwa mpaka woyang'anira adutsemo ndi pepala lake. Iye amayendetsa chala pamwamba pa chitseko ndi pa fani, amagwada kusuzumira pansi pa bedi, amakweza tambula kuloza kuwala, amayang'ana tsitsi potulukira madzi m'shawa, amawerenganso mathawulo. Akakhutira ndi pamene amauza a polandirira alendo kuti 12 yakonzeka, ndipo kiyi imachoka pa mbedza. Nthawi imeneyo mayi uja ali kale m'chipinda 13, dzanja lili m'nsalu ya pilo woyamba.